Uchi wanga ndi imelo yosayankhidwa

Chaka chomwe njuchi zanga za ku Katowo zinachita bwino, mayi wina woyang'anira malo ogona alendo ku nyanja ya Kazuni analawa uchi wanga pamsika, nanyambita chala. Anandiuza kuti ndimulembere imelo. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, moti imeloyo anandilembera mwana wanga wamkazi, mphunzitsi, pa foni yake.

Sabata inatha kuli zii. Uku mavenda a ku Mzuzu anali atayamba kuzungulira zidebe zanga ngati afisi, ndipo ndikanapanda kumva za mayiyo, uchi wonsewo ukanapita nawo motchipa.

Ndinamuuza mwanayo kuti tilembenso. Kwathu kuno munthu akakulonjeza kanthu sumukumbutsa mwachindunji. Umapita, kukhala pakhonde, kufunsa za ana ndi mvula, iye nkukumbukira yekha. Ndiye ndinayamba kutchula moni: mayiyo, amuna ake, ana, ngakhale mvuu za m'nyanjamo.

"Adada, nanga uchi uli pati?"

"Adziwa okha."

"Adziwa bwanji? Amalandira maimelo ambirimbiri. Ayesa ndinu munthu wofuna ntchito ya ulonda."

Ndinapsa mtima pang'ono. "Chabwino, lemba kuti tadikira mokwanira."

"Pamenepo mwawakalipira."

"Lemba kuti chonde, nkhalamba ikuvutika."

"Pamenepo mwagwada. Komanso mukunama, mwanenepa chomene chaka chino."

Mwana wophunzira ndi chilango ndithu. Anati tisayambe imelo yatsopano, tiyankhe pa yakale ija kuti mayiyo aone zonse pamodzi osafufuza. Moni ukhale umodzi, funso limodzi, ndipo za kuchedwa kwawo tisazitchule. Ndinavomera, koma ndinakana kupita kwa munthu chimanjamanja, ngakhale pa foni. Ndinatsegula chidebe, mwanayo najambula zisa zikudontha.

Tinalemba kuti: "Mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ndikungokumbutsa za uchi womwe munalawa uja. Onani pachithunzipa, ndafula wina. Galimoto yobwera kumeneko inyamuka Lachisanu. Kodi ndikusungireni? Ngati pakadali pano simukuufuna, ingondiuzani, palibe vuto. Yewo."

Mawu akuti palibe vutowo anandiwawa, poti vuto linalipo. Mwanayo anati munthu ukamutsegulira khomo lokanira amayankha msanga.

Mawa lake ndikukonza mng'oma, mwanayo anabwera foni ili m'manja. Mayiyo anapepesa, nati imelo yoyamba anaiwerenga ali ndi alendo m'nkhalango, anati ayankha akabwerera, kenako inakwiririka. Anafuna zidebe zonse.

Lachisanu ndinakwera nazo ndekha pa pikapu, nditakhalira thumba la chimanga cha eni ake. Mavenda aja anali pasiteji. Ndinawapatsa moni wautali bwino, mmodzimmodzi, ndi kuwafunsa za ana awo, mpaka dalaivala analiza hutala.