Mwendo umene ndinathowa

Amuna anga anabwera kuchokera ku Halale mwezi wa Ogasiti, fumbi lili tolotolo, atakhalako zaka zinayi akuphikira azungu. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ya mpingo kufupi ndi Kasakula. Anatsika basi atavala chipewa chanthenga, jekete yowakulira, m'manja atakumbatira mutu wa makina osokera ngati khanda. Ndinaseka mpaka misozi. Zaka zinayi osaonana, munthu n'kulephera kundipatsa dzanja chifukwa cha chitsulo!

"Landirani bwino, mayi," anatero. "Sanagunde pansi chichokere ku Halale."

Ankanena zoona, ndipo ankanyadira. Masiku atatu m'mabasi, kudzera ku Tete, Blantyre, Lilongwe, makinawo anali pamiyendo pawo, bokosi lachitsulo lili kumapazi moti mawondo anachita kufika pachifuwa. Anzawo akamatsika kukawongola miyendo, iwo ankatsalira poopa akuba. Madzi sankamwa, ati angafune kutaya madzi n'kupeza mpando wapita. Ngakhale pamene anyamata achipani anaimitsa basi kufunsa makadi, iwo anangotulutsira lawo pazenera, osadzuka. Anatifotokozera zonsezi tili pakhonde, ife n'kumaombera m'manja kuti koma ndiye mwamuna wosamala.

Tsiku lachiwiri ndinaona kuti akutsimphina. Ndinawafunsa, iwo n'kuti nsapato zatsopano. Tsiku lachitatu m'mawa nsapato ya kumanzere inakana kulowa. Nditapinda buluku, ndinapeza katumba watupa, khungu lili nyezinyezi, ndipo nditaikapo dzanja panali potentha kusiyana ndi mwendo winawo. Nditangodina pang'ono anakuwa, "Mayo! Mukufuna kundipha?" Chilonda panalibe, minga panalibe, ndipo sanagwe paliponse.

Tsono tsiku limenelo linali la ulendo. Kwathu kuno munthu ukabwera kuchokera kutali sungayambe kudya nkhuku za anthu usanapite kukapepesa maliro amene anachitika iwe kulibe. Kwawo kwa amuna anga, kuseri kwa mapiri awiri, anamwalira amalume awo amene anawalera, ndipo anasiya mkazi wokalamba. Nkhani inali itafika kale kumeneko kuti mwana wabwera. Akanachedwa, anthu akanati ndalama za ku Halale zamulowa m'mutu, kapena kuti mkazi wake mphunzitsi uja wamutsekera m'nyumba. Chachiwirichi ndi chimene chinkandiwawa ine. Ndinkafuna apite, ngakhale chokwawa.

Ndiye ndinati, "Khalani apa, ndikukonzeni."

Pa nkhani yothowa ndinalibe mnzanga, ndisaname. Ana asukulu akabinya phazi pa mpira ankabwera nawo kwa ine. Ndinawiritsa madzi, n'kuviikamo nsanza, n'kuyamba kuthowa. Kenaka ndinathira mafuta ansatsi m'manja kuti nditikite katumbayo kuchokera kuchidendene kukwera m'mwamba, mmene amayi anga anandiphunzitsira. Amuna anga analuma kolala ya jekete, maso ali tong'o. Ine n'kumawanena kuti, "Bambo wamkulu ngati inu, wodutsa Zambezi, kulira ndi dzanja la mkazi?"

Ndinali nditangotikita kawiri pamene kunja kunamveka odi. Anali mayi wina wa Mvano, woyandikana nafe, amene anagwira unamwino zaka zambiri pachipatala cha mishoni asanapume. Tonse tinkangowatchula kuti anamwino. Sanabwerere odwala ayi, anamva za makina ndipo anabwera ndi nsalu yoyera yoti ndiwasokere bulauzi. Atalowa anaima pakhomo, n'kuyang'ana mwendo, n'kuyang'ana manja anga onyezimira.

"Aphunzitsi, chotsani manja anu pamenepo."

Sanakuwe, koma mawu ake anali oti ngakhale ine wolamula ana makumi asanu ndi atatu ndinamvera. Mumtima ndinapsa. Kundiletsa m'nyumba mwanga, pa mwendo wa mwamuna wanga! Anamwinowo sanandisamale. Anagwada, n'kukhudza miyendo yonse iwiri ndi kunja kwa dzanja, kenaka anandituma tepi yoyezera imene inabwera ndi makina. Kasitomala woyamba wa tepi imeneyo anali katumba. Anayeza wamanja, anayeza wamanzere pamalo ofanana, ndipo wamanzere anaposa ndi inchi ndi theka. Anafunsa za ulendo, amuna anga n'kuyambanso nkhani yawo ija monyadira. Ulendo uno palibe anaombera m'manja.

"Bambo, mukupuma bwino? M'chifuwa simukubaya? Simukutsokomola?"

"Ayi, mayi, ndili gwa. Ndi mwendo wokhawu. Ndikangoyenda uwongoka."

"Lero simuyenda. Mukupita kuchipatala, ndipo mupita chogona."

Ine ndinalowerera kuti kuli maliro oti akapepese, mwina apite mawa kuchipatalako. Anamwino anandiyang'ana ngati mwana amene walephera kuwerenga a e i o u, n'kundikhazika pansi. Anati magazi a m'miyendo amabwerera kumtima chokwera, ndipo chimene chimawakankha ndi minofu munthu akamayenda. Ukakhala masiku mawondo ali chopinda, madzi osamwa, magaziwo amayenda mwaulesi mpaka amaundana mumtsempha wam'kati, n'kutseka njira. N'chifukwa chake mwendo umodzi wokha umatupa, kutentha ndi kuwawa.

"Koma mwendo si umene ndikuopa," anatero. "Choundanacho chikhoza kunyotsoka. Chikanyotsoka chimatengedwa ndi magazi, kudutsa mumtima, n'kukatseka m'mapapo. Munthu amangoti befu, mpweya wathawa, ndipo ena sitifika nawo n'kuchipatala komwe. Ndinawaonapo ndi maso angawa. Inu mumati mukutikita, koma mumachikankhira komweko."

Ndinayang'ana manja anga. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Munthu ndamudikira zaka zinayi, ndimuphe ndekha ndi mafuta ansatsi pa tsiku lachitatu? Ndinalira pomwepo, mokweza, mopanda ulemu. Amuna anga, m'malo mondilimbitsa mtima, anati, "Ndimanena ine kuti mukufuna kundipha." Anamwino anaseka, inenso ndinaseka misozi ili mbwe, kenaka ndinathamanga kukabwereka ngolo.

Tinayala matiresi m'ngolomo, mwendo tinausanjika pa mapilo awiri. Amuna anga anakana kukwera opanda chipewa chawo chanthenga, ndiye anadutsa m'mudzi chagada, chipewa chili pamimba, akuyankha moni wa aliyense ngati bwana woyendera minda. Ng'ombe zinkatsika zitunda mwaulemu wake, ine ndili pambuyo kuzitukwana chamumtima. Pa bampu iliyonse ndinkafunsa, "Mukupuma?" Mpaka anatopa nane n'kuti, "Mayi, ndikasiya ndikuuzani." Kumsewu waukulu tinapeza lole yonyamula chimanga yopita cha ku Madisi, ndipo anamwino anaima pakati pa msewu atatambasula nsalu yawo yoyera ija mpaka dalaivala anaima.

Tinafika kuchipatala cha mishoni dzuwa litapendeka. Dokotala anayezanso mwendo ndi tepi yake, anamvetsera m'chifuwa, n'kunena zomwe zija ananena anamwino. Tsiku lomwelo anayamba kuwapatsa mankhwala a jakisoni oletsa magazi kuundana, kenaka anawonjezera mapiritsi. Ine ndinafunsa ngati mankhwalawo asungunule choundanacho. Dokotala anati ayi, ntchito yake ndi kuletsa kuti chisakule ndiponso kuti china chisapangike, ndipo thupi lokha limachisungunula pang'onopang'ono. Anati mapiritsiwo adzamwa miyezi ingapo, magazi azikayezetsa kawirikawiri, ndipo anandichenjeza ine makamaka kuti pasapezeke wowatema mphini, chifukwa munthu womwa mankhwala amenewa akachekedwa magazi sasiya msanga. Sindikudziwa amene anamuuza kuti kwathu timatema.

Anawagoneka mwendo uli m'mwamba. Masiku awiri oyamba sindinadye bwino. Ndinkakhala pambali pa bedi kuyang'ana chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika, ndipo akatsokomola pang'ono ndinkathamangira sisitere. Amuna angawo anali pa ntchito yosangalatsa wodi yonse. Anaphunzitsa nkhalamba ina ya chibayo mmene azungu amadyera dzira ndi kasupuni, ndipo ankauza aliyense wolowa kuti anadwala chifukwa chokonda mkazi. Pofika tsiku lachisanu khungu la pakatumba linayamba kuchita makwinya, kutupa kukuphwa, ndipo ndinadya mbatata zinayi nthawi imodzi.

Koma nkhani ya maliro inkawadya. Nthabwala zikatha ankangoyang'ana kudenga. Tinatumiza uthenga kwawo, yankho silinabwere. Ndinkadziwa zimene ankaganiza: kuti mayi amene anawaphikira ali mwana wamasiye akuti mwana uja wasintha. Inenso ndinkadziwa kuti dzina langa likutafunidwa kumeneko, ndipo ndinali nditakonza kale zoyankha.

Loweruka masana ndili kuchapa mbale panja, ndinaona gulu likulowa pageti: amuna atatu, amayi asanu, nkhuku ili m'dengu, ndipo patsogolo pali mayi aja amasiye, ochepa thupi, duku lakuda kumutu, mapazi oyera ndi fumbi. Anayenda wapansi mpaka kumsewu, n'kukwera matola awiri. Ndinagwada n'kuwalandira dengu.

Alendowo atalowa mu wodi, amuna anga anafuna kudzuka kuti agwade. Sisitere anawabweza ndi chala chimodzi. Ndiye anapepesa maliro ali chigonere, mwendo uli m'mwamba, misozi ikulowa m'makutu. Ananena mawu onse mwa dongosolo lake, kuti anamva ali kutali, kuti njira inatalika, kuti akanayenera kufika ndi mapazi awo pakhomo. Ngakhale nkhalamba ya chibayo ija inagwira chifuwa chake kuti isatsokomole.

Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anakhala pamphepete pa bedi, n'kuwapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje ngati kamwana.

"Ndamva, mwanangu, ndalandira. Amalume ako tinaika, sathawa, udzawaona manda ukachira. Ukanabwera tsiku lija n'kukagwera m'phiri, bwenzi lero ndikulira awiri. Ine mphamvu zolira awiri ndilibe."

Atatero anatembenukira kwa ine, ndipo ndinakonzeka kumva zanga. Anandigwira dzanja, lomwe lija la mafuta ansatsi, n'kulifinya.

"Inu apongozi, mwandisungira mwana. Kapheni nkhukuyo adye."