Nambala zisanu ndi imodzi za achemwali

Achemwali anga anagwira ntchito yotayipa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pakoleji ina yophunzitsa za ukalaliki. Zala zawo zinkathamanga ngati mvula pamalata, maso ali papepala, pakamwa akucheza ndi munthu wina. Kunyada kwawo kunali komweko. Ankati wotayipa weniweni sawerenga, amangoona zilembo.

Bambo athu atayamba kudwaladwala, achemwali ankapita kwawo Loweruka lililonse ndi laputopu ya kuntchito. Bambo ankafotokoza za moyo wawo, iwo n'kumatayipa: kumene anabadwira, abale awo amene ife sitinawaone, mmene anakumanirana ndi mayi. Anakwana masamba 140, onse osungidwa muakaunti ya imelo ya achemwali. Ndikawauza kuti asindikize, ankandiyankha kuti, "Iwe, za pa intaneti sizidyedwa ndi chiswe."

Bambo anamwalira. Kolejiyo inatsekedwa, laputopu n'kubwezedwa. Kenako chaka chino foni ya achemwali inagwera m'beseni lochapira, osadzukanso.

Foni yatsopano inafuna mawu achinsinsi a imelo ija. Achemwali anali atawaiwala kalekale, poti yakaleyo sinkawafunsa. Tinadina poti taiwala. Inati itumiza nambala zisanu ndi imodzi ku adiresi ina, n'kutionetsa chilembo choyamba, tinyenyezi, ndi dzina la koleji kumapeto. Potsegula akauntiyo, achemwali nambala ya foni sanaikemo. Nthawi imeneyo ankati mafoni amabedwa, koma ntchito siithawa.

Tinapita kukolejiko. Chipinda chimene achemwali ankatayipiramo tsopano muli matayala osanjikizana mpaka kudenga.

"Ndabwera kudzaona imelo yanga," anatero kwa mlonda.

Mlondayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, kuno timagulitsa matayala."

Amene ankasamala makompyuta a koleji tinamupeza akukonza mafoni m'kachipinda kena kumsika. Anamvetsera akuwotcherera kawaya.

"Anti, dzina lija la kumapeto kwa adiresi amalipira chaka ndi chaka. Koleji itasiya kulipira, linatha. Pano analigula anthu ena, onani." Anatitembenuzira foni yake, tsamba lodzaza zotsatsa malonda. "Bokosi lanu la makalata kulibe. Nambalazo akutumiza ndithu, koma sizingakupezeni."

"Ndiye tiwaimbire eni akauntiwo."

"Alibe munthu woyankha. Pali fomu basi."

Fomuyo ndi imene inanditopetsa mtima. Inkafunsa mawu achinsinsi omaliza amene akukumbukira. Achemwali anayesa dzina la mwana wawo, tsiku lobadwa, dzina la galu amene anafa kale. Yankho limodzimodzi: sitinathe kutsimikiza kuti akauntiyi ndi yanu. Malangizo ake ankati tiyesere pachipangizo chimene tinkalowerapo kale. Chiti? Chimodzi chinamira m'thovu la sopo, china anachigulitsa pamodzi ndi mipando ya koleji. Munthu wamoyo, ali ndi chiphaso chake m'chikwama, n'kumakanidwa ndi chinthu chopanda maso. Ndinakwiya.

Tinabwereranso kwa wokonza mafoni uja, achemwali atalusa.

"Bwanji simunatichenjeze? Mungotseka zinthu za anthu mwakachetechete?"

Iye anaika pansi chida chake. "Anti, kalata inatuluka. Tinapereka masiku makumi atatu kuti aliyense achotse adiresi ya kuntchito pamaakaunti ake. Inamatidwa pakhomo la ofesi."

"Bodza! Ine sindinaione."

"Ndinalemba pamanja ndine. Munatayipa ndinu."

Achemwali, amene sagonja pa mkangano ngakhale ndi kondakitala, anangonyamula chikwama chawo n'kutuluka. Ine mawu anandifika pammero, oti paja wotayipa sawerenga, koma ndinawameza.

Achemwali anayesabe fomu ija milungu itatu, ali kunyumba kwawo, poti akuti malo ozolowereka amathandiza. Sizinathandize. Madzi akatayika saoleka, koma mwambi umenewu ndi wokoma pouza ena.

Lamlungu lapitali ndinawapeza patebulo ndi laputopu yobwereka kwa alamu. Anati alembanso zonse kuchokera m'mutu. Ndinakhala pambali kudikira phokoso lija la zala. Analemba dzina la bambo ndi chaka chobadwa. Analemba kuti anali wachitatu mwa ana asanu ndi awiri. Kenako zala zinaima m'mwamba.

"Iwe, mchemwali wa bambo uja anawalera mayi awo atamwalira, uja ankalira akamamutchula, dzina lake anali ndani?"

"Sindikudziwa, achemwali. Munalipo ndinu."

"Ndinalipo," anatero. "Ndinkatayipa."

Ndinafuna kunena kuti tifunse munthu wina. Ndinawerenga m'mutu ana asanu ndi awiri aja, mmodzimmodzi, ndipo sindinapeze wofunsa.