Pulagi ya Simbi ya Maness

Pa Nchalo, wailesi ikasiya kuyankhula, fani ikakana kuzungulira mu Okutobala, anthu amati, "Pitani nayo kwa a Ignasio." Bamboyu anabadwira ku Marka, makolo ake atawoloka kuchokera ku Mozambiki, ndipo anadulako nzimbe ku esiteti mpaka msana unamukana. Kenako anatsegula kashopu kuseri kwa msika, kodzaza mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka.

Anali ndi khalidwe lotopetsa makasitomala. Chinthu chikabwera, sankayamba ndi kuchimasula ayi. Ankachitembenuza n'kuwerenga kunsi kwake ngati akuwerenga kalata ya chibwenzi. Akaona chizindikiro cha FCC kapena UL popanda china, ankadziwa kuti ndi cha ku America, ndipo ankafufuza kaye mphamvu ya magetsi imene chimalandira, poti zambiri za kumeneko zimapsa pa magetsi athu. Ma C atatu ankati ndi msika wa ku China. Kapepala ka ICASA pa foni kankamuuza za ku Joni. CE ndiye ankaiseka: ndi ya ku Ulaya, inde, koma wopanga amaika yekha, ndipo masiku ano imapezeka ngakhale pa tchaja yofa tsiku lomwelo. Mwa ana ake, amene ankapirira maphunzirowa anali Maness yekha, mwana woyamba. Ignasio ankatenga msomali n'kuzunguliza chizindikiro, n'kumufunsa, "Ichi n'chakuti?"

Maness anachoka chaka chatha. Anamutenga ndi a Fanizo, bambo wa nsapato zowala amene ankapezera atsikana ntchito za m'nyumba ku Joni. Miyezi yoyamba Maness ankatumiza mawu pa foni ya a Fanizo omwewo, afupiafupi, kenako zii. Mayi ake, a Lettie, akafunsa, yankho linali lakuti abwana ake ndi okhwima pa za mafoni. Ignasio ankakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira. Ndipo tsopano Chifuniro, mng'ono wake wa Maness, anali atalongedza chikwama kuti naye anyamuke ndi a Fanizo masana a tsiku limenelo.

M'mawa wa tsikulo a Lettie anafika ku shopu akumwetulira, atanyamula katoni.

"Mwana watikumbuka, baba. A Fanizo abweretsa. Akuti wagula yekha m'sitolo yaikulu ku Joni."

Inali simbi yamagetsi, yatsopano. Ignasio anaseka pang'ono. Kutumiza simbi kunyumba kwa munthu wokonza masimbi, amene ali nazo zodzaza shelefu zosiyidwa ndi eni ake! Komabe mumtima anakondwa. Anatenga pulayasi, poti katundu wa ku Joni amamudziwa: pulagi yake ya miyendo itatu yonenepa, yobulungira, siilowa m'soketi zathu, ndipo iye wadula zotere zosawerengeka.

Anakoka chingwe m'katoni, pulayasi ili chikanulire. Panalibe chodula. Miyendo inali itatu, ya makona, yofanana ndi yathu.

"Mwaona kuganiza kwa mwana?" anatero a Lettie. "Wasankha yongolowa."

Koma sitolo yaikulu ya ku Joni siigulitsa simbi yosalowa m'soketi za ku Joni. Ignasio anaitembenuza simbiyo. Panalibe SABS, chizindikiro cha ku Joni, koma zimenezo zokha sizinamudabwitse, poti si katundu yense wa kumeneko ali nayo. Chimene chinamuopsa chinali chizindikiro cha G, chili ndi kabokosi ka timadontho kojambula ndi foni, ndi zolemba za Chiluya pambali. Anachionapo pa mafani ochokera ku Dubai. Chimaikidwa pa katundu wogulitsidwa m'maiko a Aluya a kumeneko, ndipo ambiri mwa maikowo soketi zawo n'zofanana ndi zathu. Mawu amene ankawamva pa wailesi, a atsikana olandidwa mapasipoti ku Oman, anamubwerera m'mutu.

Anadzilimbitsa mtima. Chizindikiro chimanena msika umene chinthu chinapangidwira, sichinena kumene kuli mwana wa munthu. Katundu wa ku Dubai wadzaza ku Limbe. Mwina a Fanizo angogula konko kuti atseke pakamwa makolo. Bodza limenelo likanakhala laling'ono, ndipo Ignasio analilakalaka.

Anatulutsa simbiyo pa dzuwa kuti aonetsetse. Pa pulasitiki, mozungulira G uja, panali mzere wokandidwa ndi chinthu chosongoka. Mzerewo unali wokhotakhota, koma unakumana bwinobwino.

"Chifuniro ali kuti?"

"Wapita kale ku siteji. A Fanizo akuti nthawi yasintha."

Ignasio sanatseke shopu. Anathamanga ndi msana wake womwewo, simbi kukhwapa, chingwe chikukwekwereza m'fumbi, akudutsa pakati pa makabaza ndi amayi ogulitsa nsomba. Minibasi ya ku Blantyre inali itatsala pang'ono kudzaza. Chifuniro anali pawindo, atavala diresi yake ya ku tchalitchi, ndipo a Fanizo anali pampando wakutsogolo.

"Tsika, mwananga."

"Baba, mwayambanso chiyani?"

A Fanizo anatsika ndi ulemu wonse. "Madala, mwayi wa mwana musauponde. Mphatso mwalandira, si choncho?"

"Ndalandira. Mwati anagula kuti?"

"Ku Joni."

"Ndionetseni soketi ya ku Joni imene ichi chingalowe." Anakweza pulagi ija m'mwamba. Mnyamata wina amene anakhalako ku Joni, atakhala pa njinga yamoto, anayang'ana n'kupukusa mutu.

"Katundu amayenda, madala," anatero a Fanizo. "Mungandiweruze ndi pulagi?"

"Ayi. Muimbireni Maness pompano. Ndione nambala imene mukuimba."

A Fanizo anagwira thumba, nati foni yatha moto. Kondakitala anamenya chitseko kuti anthu akuchedwa. Chifuniro anali akulira ndi mkwiyo, akunena kuti bambo ake akufuna afere pa Nchalo akugulitsa mafiriziesi, ndipo okwera ena anayamba kumuikira kumbuyo. Ignasio anachita mantha kwambiri, chifukwa anaona kuti akapitiriza kukangana, galimoto inyamuka naye mwanayo. Anasiya a Fanizo, napita pawindo, nalowetsa simbi ija chotembenuza.

"Sindikukuletsa ndine. Yang'ana apa. Ndani kwathu amazunguliza chonchi?"

Chifuniro anayang'ana nthawi yaitali. Ali wamng'ono ankawaseka bambo ake ndi Maness chifukwa cha msomali wawo. Anapititsa chala pa mzere uja.

"Ndi achemwali," anatero motsitsa. "Ndiye ali kuti?"

"Kumene amagulitsa za chizindikiro ichi. Si ku Joni."

Chifuniro anatsika, chikwama chili pamutu. Pamene anthu ankatembenuka kuti amve yankho la a Fanizo, nsapato zowala zija zinali zitakwera kabaza, kulowera kumene palibe anaona bwino.

A Lettie anapeza Ignasio ndi Chifuniro panjira ya ku polisi, akupuma mwawefuwefu. Atamva zonse anakhala pansi pambali pa msewu, osasamala fumbi la mathirakitala a nzimbe.

"Ndiye kuti simbi ija sanatigulire ife?"

"Anagulira uyu, kuti asapite," anatero Ignasio, akuloza Chifuniro.

Anakulunga chingwe mosamala, n'kupatsa mkazi wake dzanja kuti adzuke. Wapolisi wa pakauntala atamufunsa kumene kuli mwana wosowayo, Ignasio anaika simbi patebulo chotembenuza, natchula maiko amene amagwiritsa ntchito chizindikirocho, limodzi ndi limodzi. Anafika pomaliza asakudziwa kuti mwa onsewo Maness ali m'liti.