Sitima Inadikira Nkhosa za a Lyle

"Uwerengenso, Mjapani iwe," anatero azakhali anga a Noreen, dzanja litaphimba diso lakumanzere. "Wati tifika nthawi yanji?"

"Isanakwane 12 koloko. Sitima inyamuka hafu pasiti eyiti, panyanja ndi maola awiri, ndiye ola limodzi pagalimoto."

"Zimenezo ndi za papepala. Wawaona alenje aja?"

Ndinawaona. Nyengo yosaka inali kutha, ndipo padoko panali mzere wa mapikapu a anthu akumtunda, agwape akufa atamangidwa kumbuyo. Azakhali anayamba kupinda zala. Kukweza magalimoto onsewo, theka la ola, chifukwa olemera amaikidwa pakati kuti sitima isapendame. Mphepo yakumwera, theka lina. Kenako mlatho wapakhomo la doko lakumtunda, umene umatsegulidwa kawiri kokha pa ola kuti sitima zidutse: ukauphonya pang'ono, udikire.

"1 koloko," anatero. "Dokotala wati 2 koloko. Tatsala ndi ola lathunthu m'thumba."

A Noreen anaphika pasukulu ya pachilumba chathu kuyambira ine ndisanabadwe. Zenera la khitchini yawo linayang'ana kudoko, ndipo aliyense wa ulendo ankayamba wawaimbira foni. Iwo ankasuzumira mbendera kuti aone mphepo, n'kuwerenga magalimoto, n'kunena ola. Ine nditabwerera kuchoka ku Japan, kumene ndinkaphunzitsa Chingerezi ndiponso kumene sitima yapamtunda ikachedwa pang'ono amapepesa, zonsezi zinkandinyansa. Ndinkangoti chisanu chikatha ndichokanso.

M'mawa umenewo azakhali anadzuka akuona ngati nsalu yakuda ikutsika m'diso. Nesi wa pachilumba anaimbira dokotala wa maso kumtunda. Dokotalayo anati kachikopa kam'kati mwa diso kakumatuka, ndipo mdimawo ukafika pakati, disolo silidzawerenganso. Malo kuchipinda cha opaleshoni analipo 2 koloko. Kandege ka pachilumba sikakanauluka ndi mphepo imeneyo. Nesi anati asadye kanthu, asadzigwedeze.

"Usauze munthu," anandiuza tikukwera. "Sindikufuna chilumba chonse chizindibweretsera supu."

Kukweza kunatha monga ananenera. Mtima wanga unakhala pansi. Koma chitseko cha magalimoto sichinatsekedwe. Dermot, amene amalongedza magalimoto, anangokhala pachitsulo n'kutsegula fulasiki ya khofi.

"Dermot, tikudikira chiyani?" ndinakuwa ndili pamwamba.

"A Lyle! Aimba kuti tayala la ngolo yokoka ndi galimoto laphwa. Akubwera ndi nkhosa zawo. Bwanji, mfumu ya ku Japan ikukudikira?"

Kwathu sitima imasiya mlendo, koma wa pachilumba akaimba foni imamudikira. Palibe analemba lamuloli. Azakhali anali woliteteza wamkulu: chaka china anakalipira kapitawo watsopano pamaso pa anthu chifukwa chosiya mayi wina padoko. Lero lokha anaiwala kuliwerengera.

"Ndikukamuuza kapitawo," ndinatero.

Anandigwira jekete. "Khala pansi. Msika wa nkhosa ndi mawa. Sitima ya mawa mwina sinyamuka ndi mphepo iyi. Bamboyo adyetsa chiyani nkhosa chisanu chonse?"

"Nanga diso lanu?"

"Ola lija lilipo. Ndati khala."

Ndinakhala. A Lyle anafika 10 koloko itayandikira, akubayibitsa ngati apambana mpikisano. Kuti ngolo yawo ilowe anatulutsa pikapu imodzi n'kuilowetsanso chafutambuyo. Ola lija linatsala kachidutswa.

Titangotuluka kuseri kwa chilumba, nyanja inatilandira. Funde loyamba linamenya m'mbali, makapu anagubuduka, mlenje wina anatukwana. Kapitawo anachepetsa liwiro n'kukhotetsa sitima kuti mafunde azimenya chakutsogolo, osati m'nthiti. Njira yotero ndi yotetezeka koma yaitali. Ndinayang'ana kumene kunayenera kukhala mtunda, kunali nkhungu yokhayokha. Pansi nkhosa zinkalira, maunyolo omangira magalimoto akulira nawo.

Azakhali anakhala chiwongokere pabenchi yapakati, manja onse atagwira m'mphepete. Nesi anati asadzigwedeze, koma sitima inkawanyamula n'kuwagwetsa ngati thumba. Funde lililonse ndinkaganiza za kachikopa kaja.

"Keegan." Sanali kunditchula dzina kawirikawiri. "Ima patsogolo panga."

Ndinaima. Anaphimba diso labwinolo.

"Tsitsi lako sindikuliona. Padoko paja ndimaliona."

"Nkhope mukuiona?"

"Mphuno ndi pakamwa. Mphuno ya bambo ako, yoipa ija." Anayesa kuseka. "Mphepoyi si ya theka la ola. Ndalakwitsa. Ndi ya ola ndi kanthu."

Ndinali ndisanawamvepo akunena kuti alakwitsa. Ndinakwera masitepe mokwawa mpaka kwa kapitawo, a Maureen Gillespie, n'kuwauza zonse. Anandiyang'ana kamodzi, maso n'kubwerera kunyanja.

"Mukanandiuza padoko, a Lyle akanatsala ndi nkhosa zawozo. Panopa sindingathamange. Ndikawonjezera liwiro maunyolo aduka, magalimoto aphwanyana, tonse tikhala pamavuto. Pita ukawagwire mutu."

Ndinatsika n'kuwagwira mutu pachifuwa panga, munthu amene anandidyetsa kusukulu zaka zonse zija. Dermot anabwera ndi bulangete, nthabwala zitamuthera.

"Amayi Noreen, bwanji simunanene?"

"Choka apa iwe, sunamalizepo nyemba zako ngakhale tsiku limodzi."

Foni itagwira netiweki ndinaimbira kuchipatala. Mayi woyankha anati adikira pang'ono, koma pali odwala ena pamzere. Mlatho tinaupeza utangotsekedwa, magalimoto akudutsa pamwamba. A Maureen analankhula pawailesi, ndipo woyang'anira mlatho anatitsegulira nthawi isanakwane. Dermot anatitsitsa oyamba. Galimoto yathu yakale, imene timaisiya kumtunda, inalira titayesa kachitatu. Zonsezo zinathandiza, koma tinalowa m'chipatala 3 koloko itapitirira, chipinda chija atalowetsamo wina.

Dokotala anaunika diso nthawi yaitali. Anati mdima wakhudza kale pakati, ndipo achita opaleshoni m'mawa kwambiri. Ndinamufunsa ngati ola la a Lyle ndi limene lawononga. Anati sangadziwe; mwina pakatipo panamatuka tili panyanja, mwina tisanakwere n'komwe.

Diso linapulumuka, koma osati lonse. Amaona nkhope, amaona mbendera, koma zilembo zimapindika. Dokotala anaika kampweya m'disomo kuti kachikopa kamatirire, ndipo anati kandege asakwere mpaka kampweyako katatha, komanso masiku oyamba azikhala chowerama, nkhope pansi. Choncho tinabwerera pa sitima yomweyo, nyanja itagona.

A Lyle anali momwemo ndi ngolo yopanda kanthu. Anali atamva. Anaima pafupi ndi benchi, chipewa m'manja.

"Ndikuona nsapato zako, Lyle," anatero azakhali ali chowerama. "Zagulidwa bwino nkhosazo?"

"Zagulidwa, Noreen. Koma ine..."

"Ugule tayala."

Padoko lakumtunda ndinali nditalowa m'kasitolo n'kugula kapilo kokhota kamene apaulendo amaika m'khosi. Ndinakaika patebulo, iwo anatsamiritsa chipumi, mphuno ili pabowo. Tikutsika kwathu anakana kuti ndiwanyamulire. Anakakolowekera pamkono, dzanja lina litandigwira paphewa, n'kumayenda akuyang'ana matabwa a doko.