Amalume ndi Mzere Wongokhudza

Ndinaphunzitsapo amalume anga enieni masamu, alongo awo a mayi anga, ndipo sindifunira munthu aliyense ntchito imeneyo. Zinali m'zaka za chipani chimodzi, malire a dziko a kumlatho ali otseka, m'tauni ya Livingstone anthu tikudziwana pamizere ya sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja. Ine ndinali nditangomaliza Fomu Faivi. Podikira malo kukoleji, anandipatsa kalasi ya akuluakulu amene ankabwera akaweruka kuntchito kudzakonzekera mayeso a masamu. Tinkabwereka chipinda pasukulu ina ya pulayimale, pamene abambo amimba zawo ankadzipanikiza m'madesiki a ana.

Amalumewo ndiwo anandilera. Anakanditenga kwathu kum'mawa ndili wamng'ono, nandiika m'nyumba mwawo ku Dambwa, ndipo buku lililonse limene ndinagwirapo linachoka m'manja mwawo. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Akamalankhula umayang'ana pansi, akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, ndipo mawu oti "mwalakwa" sapezeka m'kamwa mwako ngakhale utaledzera. Iwo ankagwira ntchito kunjanji, m'gulu lokonza mizere. Kunali mwayi woti apite kukaphunzira za oyeza malo n'kukwezedwa, koma pankafunika pepala la masamu, ndipo msinkhu wawo unali utafika poti akalephera chaka chimenecho, chaka chinacho sakanawalandiranso. Ndiye tsiku lina ndikulowa m'kalasi, ndinangowaona ali kumbuyo, chipewa pabondo. Anandipatsa moni wa "ba ticha" ngati ena onse.

Mutu anali nawo, zimenezo sindingawanamizire. Titafika pa nkhani ya mzere wowongoka ndi seko, ndiye kuti bwalo lozungulira lija timajambula ndi kampasi, iwo ndiwo anayamba kugwira. Seko yathu inali x² + y² = 50. Kampasi ya pabolodi inali itathyoka kalekale, choncho ndinkajambula ndi chingwe chomangirira choko, chala chimodzi chitatsindika pakati. Mzere woyamba unali y = x + 6. Ndinawaonetsa kuti paliponse pali y m'seko muja uikapo x + 6, n'kumasula bulaketi, n'kusonkhanitsa zofanana. Pamatuluka 2x² + 12x − 14 = 0, ndipo ukagawa ndi 2 pamatsala x² + 6x − 7 = 0. Imeneyi ndi kwadiratiki, mayankho ake ndi x = 1 ndi x = −7. Ukawabweza mumzere uja upeza malo awiri, (1, 7) ndi (−7, −1). Mzere ulowera apa, utulukira apo. Amalume anamaliza ena akadali pabulaketi, nakhala manja atapinda.

Iwo sankakonda zofufuza mafakitala, ankati ndi zoombeza. Ankakonda fomula, ndipo asanachite chilichonse ankayamba ayesa nambala ya pansi pa ruti, ija ya b² − 4ac. Ikakhala yoposa ziro, malo awiri. Ikakhala yochepera ziro, mzere wadutsa kunja, palibe kukumana. Zonsezi ndi zoona. Koma tsiku limene ndinaphunzitsa za pakati pake, pamene nambalayo ndi ziro ndendende, iwo anali atawatumiza kukagwira ntchito kutali chakumpoto, sanabwere. Atabwerako anadzilongosolera okha. Kwa iwo ziro anali "palibe". Akangomuona, ankaika cholembera pansi n'kulemba kuti mzere ndi seko sizikumana.

Ndinaziona ulendo woyamba womwe, m'nyengo yozizira. Ndinagwira ntchito yawo, cholembera chofiira chili m'manja, ndikucheukacheuka ngati ndaba nkhuku. Ndinachonga mzere uliwonse umene anakhoza, ndipo inali yambiri. Nditafika pa yankho lomaliza dzanja linakana. Sindinachonge, komanso sindinathethe. Ndinangolisiya poyera, n'kumadzinamiza kuti munthu wamkulu aona yekha kuti pamenepa pasowa kanthu. Iwo anaona zochonga zokhazokha, nasangalala.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinayesa, koma mwa njira za kwathu, zozungulira. Ndinabwerezanso phunzirolo kwa kalasi yonse, maso anga ali kuzenera. Tsoka ilo, amalume anafika mochedwa, ndikufufuta kale. Tsiku lina ndinakalipira bambo wina wachitonga, wogulitsa musitolo ya nsalu, amene analakwitsa mofananamo, ndipo ndinakweza mawu dala kuti amveke mpaka kumbuyo. Bambo wofera za eniyo anamva zamphamvu, pamene amalume anali kalikiliki ndi samu ina, akugwedeza mutu kuvomereza kuti ana a masiku ano samva. Kunyumba ndinkakonza mawu m'mutu tikudya, koma akangotsokomola, mawu onse balala. Ndinafika mpaka pouza akazi awo kuti mwina awatchulire. Anandiseka mpaka misozi, akuti iwo za ma x azidziwira kuti, nanga ticha ndani m'nyumba muno. Amati manyazi anapha lambe, ndipo lambe wake ndinali ine.

Mayeso atayandikira tinayamba kubwereza, ndipo ndinkaitana anthu kubolodi mmodzimmodzi. Amalume sindinkawaitana konse. Tsiku lina ndinalemba seko yomwe ija ndi mzere wa y = x + 10, ndikufuna ndiyankhe ndekha pang'onopang'ono iwo akuona. Ndisanatembenuke, ndinamva desiki ikulira kumbuyo. Anali atanyamuka. Anabwera, natenga choko m'manja mwanga, nati iyi ndiwasiyire iwo.

Analemba bwino, manambala onenepa oyera. x² + (x + 10)² = 50. Kenako 2x² + 20x + 50 = 0. Kenako x² + 10x + 25 = 0. Anayesa nambala yawo ija: 100 kuchotsapo 100, ziro. Anajambula mzere pansi, nalemba kuti sizikumana, nasasa choko m'manja, n'kuyang'ana kalasi ngati munthu amene wagwetsa mtengo waukulu.

Onse ankadziwa kuti ndi amalume anga, ndipo ambiri ankadziwa kuti yankho silimenelo. Aliyense anapeza chochita ndi zikhadabo zake. Ine ndinayamba kale kufunafuna potulukira, mwina kunena kuti nthawi yatha. Koma kutsogolo kunkakhala mayi wina wachilozi, wotayipa kumaofesi a boma, munthu wosadziwa kuzungulira. Anakweza dzanja.

"Ba ticha, manje ni zoona izi? Tikope?"

Akanakopa, ndikanagwetsa kalasi yonse. Ndinayang'ana pansi, monga ndinazolowera, n'kunena ndi mawu amene ngakhale ine sindinawadziwe.

"Musakope. Amalume, pomaliza apa mwalakwa."

Sanakwiye. Anangondiyang'ana, nafunsa kuti pati. Ndinatenga choko. Ndinati ziro amene ali pansi pa ruti sathetsa samu, amangothetsa kuphatikiza ndi kuchotsa kuja kwa m'fomula. Ruti ya ziro ndi ziro, ndiye kaya uphatikize kaya uchotse, pamatsala −10 kugawa ndi 2, ndiye x = −5. Mayankho awiri aja agwera pamodzi. Ukabweza mumzere, y = 5. Kutsutsa galu n'kukumba, choncho ndinaika manambalawo m'seko: 25 kuphatikiza 25, ndi 50 ndendende. Malo a (−5, 5) ali pamzere, alinso paseko. Ndinajambula ndi chingwe changa chija, n'kuika rula, mzere unangokhudza seko pamalo amodzi n'kupitirira. Ndinati umenewu ndiwo tanjenti. Ndiye pofuna kufewetsa, pakamwa panga panandipereka: ndinati zili ngati gudumu la sitima panjanji, limakhudza pamodzi pokha. Kuuza munthu wa njanji za gudumu! Wina anaseka kumbuyo, n'kubisa ndi chifuwa.

Amalume anayang'ana bolodi, kenako anafufuta okha yankho lawo ndi chikhatho, nalemba (−5, 5), nati zikomo ba ticha, n'kukakhala. Pobwerera kumpando anaoneka wamfupi. Ndinalakalaka pansi patatseguka ndilowe.

Popita kunyumba sanakwere njinga yawo monga mwa masiku onse. Ankaikankha, ine ndili pambuyo pang'ono, mchenga wa ku Dambwa ukulowa m'nsapato. Ndinkayembekezera kuti andikalipira chifukwa chowachititsa manyazi pagulu, ndipo kupepesa kwanga ndinali nditakukonza kale. Koma iwo anafunsa zina. Anati samu za ziro zoterezi akhala akuzipanga kuyambira nthawi yozizira, ndipo zonse amaziyankha chimodzimodzi. Kodi ine ndinkaziona? Ndinati eya. Kodi ndinkadziwa kuti n'zolakwa? Ndinati eya. Anaima, njinga itatsamira pantchafu.

"Ndiye miyezi yonseyi umadya nane mbale imodzi, ukudziwa kuti ndikupita kukagwa?"

Ndinati ndinkaopa kuwachepetsa. Anati akanakonda kuchepa m'nyumba mwawo, pamaso pa mwana wa mlongo wawo, kusiyana ndi kukachepa papepala la mayeso pamene sipakhala wopepesa. Kenako anafunsa funso limene linandipweteka koposa: nanga zina zonse zimene ndinachonga, adziwa bwanji kuti ndinachonga samu, osati umalume? Ndinalumbira kuti zinazo zinali zokhoza, ndipo zinalidi zokhoza. Anangoti "chabwino", n'kukwera njinga.

M'kalasi mwanga sanabwerenso. Masabata amene anatsala ankapalasa njinga mpaka kudera la Nottie Broadie, kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, munthu waukali amene ankatukwana aliyense mosasankha. Kumeneko anabwereza zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale zimene ine ndinawaphunzitsa bwinobwino. Kunyumba tinkadyabe limodzi, ankandifunsabe za tsiku langa, koma samu zawo ankazipangira kuchipinda. Anzawo m'kalasi akandifunsa kuti ba mudala ali kuti, ndinkati ntchito yawachulukira.

Mayeso anakhoza, ndipo kumaphunziro kuja anapita. Asananyamuke kunabwera anthu kunyumba kudzawayamikira, anzawo a kunjanji ndi a kutchalitchi. Ine ndinkatumikira tiyi. Bambo wina anandiloza n'kunena kuti amalume ali ndi mwayi, mphunzitsi anamulera m'nyumba momwemo, ndiye akanalephera bwanji. Onse anavomereza. Amalume anandiyang'ana, nalandira kapu m'manja mwanga.

"Uyu? Uyu amandilemekeza kwambiri."

Alendo anaomba m'manja, akuti ana aulemu otere asowa masiku ano. Ine ndinanyamula thileyi n'kupita kukhitchini.