Mapiritsi a Malemu Resi

Irmgard Heinen sankadziwa kukhala pansi. Mpando anali nawo, koma mwini wake anali mphaka. Chisiyireni unamwino chifukwa cha msana, ankamasulira makalata a pachipatala chaching'ono cha kwawo kuchoka m'Chijeremani kupita m'Chifalansa, poti akatswiri ambiri a pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Liège Chijeremani chimawadutsa. Ntchitoyo ankaigwira akuzungulira m'khitchini, milomo ikung'ung'udza, khofi akuzizira pawindo. Anansi anazolowera kumuona akukangana ndi pepala.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera Alois, mwamuna wa malemu mng'ono wake Resi, nsapato zili ndowe zokhazokha. Anaponya kalata patebulo.

"Alamu, adokotala akuti ipite lero lomwe. Koma mzere wa mapiritsiwo muulumphe."

"Moni kaye, inu. Kapena ng'ombe zanu zija sizipatsana moni?"

Irmgard anaiwerenga ali chiimire. Dokotala Lentz analemba monga amalembera nthawi zonse, mokhotakhota koma phazi lililonse likuoneka. Alois, wazaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, mutu unkamuwawa m'mbali mwa mphumi. Akamatafuna, nsagwada zinkatopa. Dzulo lake diso lakumanzere linachita mdima kanthawi n'kubwerera. Dokotalayo ankaganizira kutupa kwa mitsempha ya magazi ya m'mutu, matenda omwe amatseka maso osatsazika, ndipo anali atamuyambitsa kale mankhwala amphamvu a kotizoni. Koma magazi atayezedwa sanaonetse kutupa kwenikweni. Kenako panali mzere uja: zotsatirazi sindikuzikhulupirira, chifukwa wodwalayu wakhala akumwa kotizoni wotsala wa malemu mkazi wake pofuna kuziziritsa ululu wa m'mapewa, ndipo mankhwalawa amabisa kutupa m'magazi.

"Mwakhala mukumwa mapiritsi a Resi?"

"Ndiye ndiwataye? Pabotolopo pali dzina lake." Alois anayang'ana kumbali. "Sindikufuna tiana ta ku Liège tizindiseka, ati kankhalamba ka kumudzi kakubera akufa mankhwala."

Irmgard anafika pawindo, anabwerera, anatsegula kabati osadziwa chomwe akufunamo. Chisoni chinamugwira, pakuti nayenso juzi ya Resi anali asanaichape chimwalirireni. Koma ankadziwa mmene kalata imawerengedwera kumeneko. Dokotala wotopa, makalata ali mulu, maso amathamangira pa zotsatira za magazi. Akanapeza zili bwino popanda chifukwa chozikayikira, Alois akanakankhidwira kumbuyo kwa mzere, mwinanso wina n'kumuchepetsera mankhwala.

"Alamu, kalatayi si yanga, si yanunso. Ndi maganizo a adokotala. Ndikachotsa pamenepa, yotsalayo ikunena kuti muli bwino."

"Iwe Irmgard, chibale chili kuti?"

"Chibale n'chimenechi. Khalani pansi, mukundizunguza mutu."

"Ndikukuzunguza ine? Wazungulira tebuloli ngati ng'ombe yofuna kubereka!"

Irmgard anaima pakompyuta n'kuyamba kulemba. Pamene dokotala anati akuganizira, iyenso analemba kuti akuganizira, ngakhale zala zinkamuyabwa kuti atsimikize matendawo kuti a ku Liège adzidzimuke. Zimene dokotala anafufuza n'kuzipeza kulibe, monga kutentha thupi, anazisunganso, poti nazonso ndi mbali ya ulendo wa maganizowo. Mlingo wa mapiritsi a Resi sunalembedwe. Sanaupeke. Anaimbira foni Dokotala Lentz, amene anatuma Alois kukatenga botolo kunyumba n'kupita nalo kwa iye pamodzi ndi kalata ija, kenako n'kuwonjezera mlingowo m'kalata ndi dzanja lake. Alois atabwerera nazo m'pamene Irmgard anaumasulira, n'kubweza zonse kuchipatala chaching'ono kuti zitumizidwe.

Alois anatuluka osatsazika. Botolo analisiya patebulo.

Masana onse Irmgard anapukuta mbale zoyera kale. Chakumadzulo anamva kwa mwana wa Alois kuti a ku Liège awaitana tsiku lomwelo, aunika mitsempha ija ndi makina, apeza kutupa, ndipo awagoneka kuti alandire mankhwala a m'mitsempha.

Atatuluka m'chipatala, Alois sanamupatsenso moni. Kutchalitchi ankakhala benchi ina. Za maso ake Irmgard ankangomva za m'maluwa, wina akuti akuona, wina akuti ayi, ndipo kufunsa mwini wake kunkamuchititsa mantha. Zinamupweteka kwambiri. Makalata ena ankabwerabe, a impso, a mtima, a ana, iye n'kumazungulira nawo m'khitchini, diso lili pamsewu.

Tsiku lina akuyanika zovala, thirakitala inaima kutsidya kwa msewu, patali ndithu. Alois anazimitsa injini n'kumuyang'anitsitsa.

"Alamu!" anakuwa. "Juzi mwavalayo ndi ya Resi. Ndipo batani lachitatulo mwalisoka ndi ulusi wofiira, pomwe ena onse ndi wakuda. Manyazi mulibe?"

Irmgard anayang'ana batanilo, laling'ono ngati njere ya nyemba. Anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kuyamba kulira.