Chaka chimene ndinagulitsa ngolo

Mu 2019 ndinali ndi zaka 67, ndipo injini ya chigayo changa inkafa. Chigayocho chinali cha dizilo, kufupi ndi msika wa ku Chifunga, kumudzi kwa mkazi wanga. Ndi chimene chinaphunzitsa ana anga. Chaka chimenecho chinkatulutsa utsi wakuda, n'kuzima chimanga chili m'kati. Makaniko anati ndigule injini ina. Ndalama zake ndinalibe.

Ndinamva kuti a bungwe lina la ku Neno boma lobwereketsa ndalama amafuna munthu amene kubanki kwake kuli kanthu. Ndiye ndinagulitsa ngolo ya chigayo, yonyamulira dizilo ndi matumba, pamodzi ndi ng'ombe zake ziwiri. Mkazi wanga anakatenga ngongole ku banki m'khonde. Zonsezo ndinakaika ku akaunti ya chigayo. Sindinaone ngati bodza. Ndalamazo zinali zenizeni.

Nditakapempha ngongole kuofesi yawo, bungwelo linatumiza mayi wina pa njinga yamoto, msinkhu wa mwana wanga wachisanu. Anakhala pa thumba la gaga, n'kuwerenga pepala la kubanki ndi kope langa. Kenako anatenga pepala loyera, n'kuligawa patatu.

"Bambo, ichi ndi chikalata choonetsa mmene ndalama zalowera ndi kutulukira," anatero. "Pamwambapa tilemba za ntchito ya tsiku ndi tsiku. Zomwe ogayitsa alipira, kuchotsa za dizilo, zokonzetsera ndi malipiro a wogaya."

"Lembani zonse pamodzi. Ndalama ndi ndalama."

"Zazikulu ziwirizi zinalowa sabata imodzi. Munagaya chimanga cha boma lonse la Neno?"

Sindinaseke. Ndinamuuza za ngolo. Anazilemba pakati, nati pamenepo ndi pa kugula ndi kugulitsa katundu wokhalitsa wa bizinesi. Injini yatsopano nayonso ikanalembedwa pomwepo, ngati ndalama zotuluka. Za banki m'khonde anaziika pansi, pa ndalama zochokera kwa obwereketsa kapena m'thumba la mwini, ndi zobwerera kwa iwo.

"Mukaphatikiza zigawo zitatuzi, mupeza ndalama zomwe zawonjezeka kubanki," anatero. "Palibe yomwe ndakubisirani."

Zinalidi choncho. Koma gawo lapamwamba linaonetsa kuti chaka chonse zotuluka zinaposa zolowa.

Ndinamutsegulira masamba akumapeto a kope, a anthu ondikongola. Anati pa pepala la phindu akanawawerengera, koma pa ili amalemba yokhayo imene yafika m'manja.

Tikulankhula choncho, mlamu wanga analowa ndi thumba panjinga.

"Alamu, mundigayire aka. Tidzaonana tikakolola, eti?"

"Mwakolola kangati chiyambireni kunena zimenezo?"

"Aa, alamu, pamaso pa alendo? Kodi malo munamangapo chigayowa munabwera nawo kuchokera kwanu?"

Anaseka, n'kusiya thumbalo pamzere. Ine ndine mkamwini. Theka la mudziwo ndi abale a mkazi wanga. Chimanga cha pamaliro ndinkagaya ulere, cha pa chinkhoswe chimodzimodzi. Wogulitsa dizilo yekha ndiye sanali m'bale wa munthu.

Mayi uja anangoyang'ana thumbalo.

"Bambo, ngongole yathu mukanabweza mwezi ndi mwezi. Imabwezedwa ndi zapamwambazi, chifukwa ndi zimene zimabwera tsiku lililonse. Mwezi wamawa muli ndi ngolo ina yogulitsa? Nanga amayi a banki m'khonde zawo muzitenga pati?"

Ndinavula chipewa. Ndinali ndisanavulirepo chipewa mwana wa msinkhu umenewo. Ndinati, "Mayi, chonde. Chigayochi chikaima, ine pamudzi pano ndine ndani?" Ndinamuuza kuti atenge malata a nyumba ngati chikole. Anati iwo safuna malata anga, amafuna kuona chigayo chikudzilipirira chokha. Anati ndizitolera ndalama kwa aliyense, ndidzabwerenso pakapita miyezi ingapo.

Ndinayesa. Ndinalemba ndi makala pakhoma kuti kugayitsa pa ngongole kwatha. Alamu anakandinenera kwa malume a mkazi wanga kuti ndayamba kunyada. Ena anayamba kupita ku chigayo china kutali, kumene ankalipira osadandaula. Kunyumba mkazi wanga ankangondiikira chakudya n'kutuluka.

Amayi a banki m'khonde anafuna zawo ndi chiwongoladzanja, ndinawapatsa. Za ngolo zokha sizikanagula injini. Zinathera kwa makaniko ndi kwa anyamata a njinga ondinyamulira dizilo, ntchito imene ng'ombe zanga zinkagwira. Mvula isanagwe, injini inalira ngati yameza mwala, n'kuima. Sinadzukenso. Kuofesi ya bungwe kuja sindinabwerereko.

Pepala lija ndikadali nalo. Palibe pamene mayi uja analakwitsa.

Ndinataya ng'ombe ziwiri, ngolo imodzi ndi chigayo chimodzi. Wogaya wanga anataya ntchito. M'nyumba ya chigayoyo mlamu uja amagonekamo mbuzi zake.